Kulemba chidule cha kafukufuku wa unamwino chopita ku msonkhano

Chidule cha kafukufuku ndi ndime yaifupi, kawirikawiri ya mawu apakati pa 250 ndi 350, imene namwino amatumiza kwa okonza msonkhano wa akatswiri pofuna kuti apatsidwe mpata wofotokoza zimene wapeza. Lipoti lonse la kafukufukuyo likhoza kukhala la masamba ambirimbiri, koma anthu osankha ntchito zokaonetsedwa ku msonkhano saliona. Amangoona chidulecho basi, ndipo m'misonkhano yambiri amachiwerenga dzina la wolemba litabisidwa. Wounika mmodzi amakhala ndi mulu wa zidule zoti apereke malikisi, motero sangayimbire foni wolemba kuti afunse chimene ankatanthauza. Chimene sichinalembedwe amachitenga ngati sichinachitike.

Misonkhano yolandira zidule zotere ilipo yamitundumitundu. Bungwe la anamwino la padziko lonse, International Council of Nurses, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1899, limachititsa msonkhano waukulu zaka ziwiri zilizonse. Kuchigawo chino kuli ECSACONM, bungwe lobweretsa pamodzi anamwino ndi azamba a kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Afirika, ndipo ku Malawi sukulu ya ukachenjede ya KUHeS imachititsa misonkhano yofalitsira zotsatira za kafukufuku. Msonkhano uliwonse umakhala ndi malamulo akeake: kuchuluka kwa mawu, mitu yaing'ono yoyenera kutsatira, ngati tebulo likuloledwa kapena ayi, ndi magawo a nkhani amene wolemba ayenera kusankhapo limodzi. Malamulowa amawerengedwa chidule chisanayambe kulembedwa, chifukwa kudula mawu 100 pa ndime yomalizidwa kale n'kovuta kusiyana ndi kulemba mkati mwa malire kuyambira pachiyambi.

Misonkhano yambiri ya zaumoyo imafuna chidule chogawidwa m'zigawo. Kalembedwe kameneka kadatchuka kuchokera mu 1987, pamene gulu lina la akatswiri lidapempha kudzera m'magazini ya Annals of Internal Medicine kuti zidule zizikhala ndi mitu yodziwika n'cholinga choti wowerenga apeze msanga chimene akufuna. Pa fomu ya pa intaneti zigawozo zimaoneka ndi mayina ngati Background, Methods, Results ndi Conclusions, kutanthauza chiyambi cha nkhani, njira yomwe idatsatidwa, zotsatira, ndi tanthauzo la zotsatirazo. Kumisonkhano yotereyi chidule chimalembedwa m'Chingerezi nthawi zambiri, koma ntchito yaikulu ndi yosanja maganizo, ndipo imeneyo ndi yofanana m'chiyankhulo chilichonse.

Poyambira ndi pa zotsatira

Ngakhale kuti chiyambi ndicho chimaoneka pamwamba, sindicho choyamba kulembedwa. Kafukufuku amene watha ali ndi chinthu chimodzi chomusiyanitsa ndi kafukufuku amene akungolingaliridwa, ndicho yankho. Choncho wolemba wanzeru amayamba wakhala pansi ndi matebulo ake n'kudzifunsa kuti, pa zonse zimene zapezeka, n'chiti chimene chikuyankha funso lenileni la kafukufuku. Akachipeza amachilemba m'chiganizo chimodzi chokhala ndi manambala, ndipo zigawo zina zonse zimamangidwa mozungulira chiganizo chimenecho.

Chitsanzo chongoyerekezera chingathandize, ndipo manambala ake ndi ophunzitsira chabe. Mzamba wina wa pachipatala cha boma chachikulu wafufuza mmene patogirafu imadzazidwira m'chipinda chochilira. Patogirafu ndi tchati chimene azamba amalembapo mmene matenda a mayi woyembekezera akuyendera: kugunda kwa mtima wa mwana mphindi 30 zilizonse, kutseguka kwa khomo la chiberekero maola anayi aliwonse, kuthamanga kwa magazi kwa mayi, ndi zina. Mzambayu waunika mafayilo 240 a amayi amene adachira m'miyezi itatu, ndipo wapeza kuti mapatogirafu 96 okha ndiwo adadzazidwa mokwanira. Wapezanso kuti masana adadzazidwa 72 mwa 150, pamene usiku adadzazidwa 24 mwa 90. Kupatula apa ali ndi matebulo ena asanu ndi limodzi okhudza zaka za amayiwo, madera amene adachokera, nthawi imene adafika kuchipatala, ndi zina zotero.

Poyamba mzambayu akhoza kulemba gawo la zotsatira motere: mapatogirafu ambiri sadadzazidwe bwino, ndipo padali kusiyana kwakukulu pakati pa masana ndi usiku. Chiganizochi si chabodza, koma wounika sangapindule nacho kanthu. Mawu oti “ambiri” akhoza kutanthauza 51 mwa 100 aliwonse kapena 95 mwa 100 aliwonse. Mawu oti “bwino” sakunena muyezo umene udagwiritsidwa ntchito. Ndipo kusiyanako sikukunena mbali imene idachita bwino, ngakhale kuti aliyense amene adagwirapo ntchito ya usiku akhoza kulota yankho lake.

Kalembedwe kabwino kamapereka nambala yeniyeni pamodzi ndi nambala yonse imene yachokerako. Mwa mapatogirafu 240, okwana 96, kapena kuti 40 peresenti, adadzazidwa mokwanira. Masana adali 72 mwa 150, yomwe ndi 48 peresenti, ndipo usiku adali 24 mwa 90, yomwe ndi 27 peresenti. Peresenti yokhayokha ndi yonyenga, chifukwa 27 peresenti ikhoza kuchokera pa mafayilo 90 kapena pa mafayilo 11 okha, ndipo kulemera kwa umboni wake n'kosiyana kwambiri. Wounika wozolowera ntchito amatenga manambalawo n'kuwaphatikiza mumtima: 72 ndi 24 apereke 96, ndipo 150 ndi 90 apereke 240. Akapeza kuti sakugwirizana, amayamba kukayikira chilichonse chimene chili m'chidulecho, ngakhale kuti cholakwikacho chidali chala chongoterereka pa kompyuta.

Palinso funso loti kusiyana kwa masana ndi usiku sikudangochitika mwamwayi. Ambiri amayankha funsoli polemba p = 0.001 n'kusiyira pomwepo. Nambala imeneyi imangonena kuti kusiyana kotereku sikukadaoneka kawirikawiri pakadakhala kuti masana ndi usiku n'chimodzimodzi. Sinena kukula kwa kusiyanako. Chothandiza kwambiri ndi kupereka kusiyana kwenikweni, komwe pano ndi mapointi 21, pamodzi ndi malire amene kusiyanako kungagwere, omwe pa fomu amalembedwa kuti 95% CI 9–33. Tanthauzo lake m'mawu wamba ndi loti, potengera mafayilo amene adaunikidwa, kusiyana kwenikweni kukhoza kukhala kochepa ngati mapointi 9 kapena kokulira ngati 33. Mkulu wa anamwino akaona zimenezi amadziwa kuti ngakhale patatengedwa nambala yotsikitsitsayo, vuto la usiku lilipo ndithu.

Nanga matebulo asanu ndi limodzi aja? Ambiri mwa iwo amatsala. Pamalowa mpamene olemba ambiri amavutika mumtima, popeza tebulo lililonse lidadya nthawi ndi thukuta. Komabe chidule chokhala ndi zotsatira khumi chimaiwalika msanga kuposa chokhala ndi ziwiri kapena zitatu zogwirizana. Zaka za amayi zikhoza kulowa m'mawu ochepa ngati zikuthandiza kudziwa kuti ofufuzidwawo adali anthu otani. Zina zonse zidikire tsiku la msonkhano.

Chinthu chimodzi sichiloledwa kutsala, ndicho yankho la funso loyambirira, ngakhale litakhala losasangalatsa. Kukadapezeka kuti masana ndi usiku sizikusiyana, chidule chidayenera kunena zomwezo poyera, osati kusakasaka m'matebulo kanthu kena kokhala ndi nambala yokongola n'kukaika patsogolo ngati ndiko kadali cholinga. Ndipo chiganizo choti “zotsatira zidzafotokozedwa ku msonkhano” n'chosayenera konse pa kafukufuku amene watha. Ounika amachiwerenga ngati kuvomera kuti manambala sanasanthulidwe.

Njira, chiyambi ndi mutu

Zotsatira zikakhazikika, gawo la njira limalembedwa ndi cholinga chimodzi, chopatsa wowerenga zifukwa zokhulupirira manambalawo. Liyenera kutchula mtundu wa kafukufuku, malo, nthawi, amene adafufuzidwa ndi mmene adasankhidwira, chimene chidayezedwa, ndi mmene manambala adasanthulidwira. M'chitsanzo chija, mzamba alemba kuti adaunika mafayilo akale a pachipatala chimodzi cha boma, a amayi amene adachira kuyambira mwezi wakuti mpaka wakuti m'chaka chakuti. Anenenso mmene mafayilo 240 adapezekera. Ngati adatenga fayilo yachitatu iliyonse motsatira kaundula wa m'chipinda chochilira, alembe choncho. Ngati adangotenga mafayilo amene adapezeka pa shelefu, alembenso choncho, pakuti mafayilo osowa nthawi zambiri amakhala a amayi amene adakumana ndi zovuta n'kutumizidwa kwina, ndipo kusowa kwawo kukhoza kupotoza chithunzi chonse.

Mawu ofunika kwambiri m'gawo limeneli ndi otanthauzira muyezo. Kodi patogirafu “yodzazidwa mokwanira” ndi yotani? Wina akhoza kunena kuti ndi imene ili ndi malo onse olembedwa, wina n'kunena kuti ndi imene ili ndi zinthu zikuluzikulu zitatu zolembedwa pa nthawi yake. Miyezo iwiriyi ingapereke manambala osiyana kutalitali kuchokera m'mafayilo omwewo. Mzambayu akalemba kuti yokwanira ndi imene ili ndi kugunda kwa mtima wa mwana, kutseguka kwa khomo la chiberekero ndi kuthamanga kwa magazi kwa mayi zolembedwa pa nthawi zonse zoyenera, ndiye kuti 40 peresenti ija yapeza tanthauzo, ndipo mzamba wa chipatala china akhoza kuyeza kwawo ndi muyezo womwewo.

Chodabwitsa n'chakuti olemba ambiri amasiya tanthauzo limeneli koma saiwala kutchula pulogalamu ya pa kompyuta imene adagwiritsa ntchito, monga SPSS kapena Stata, mpaka ndi nambala ya mtundu wake. Dzina la pulogalamu silionjezera chikhulupiriro; chofunika ndi dzina la njira yosanthulira manambala. Chilolezo cha komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha anthu ofufuzidwa, monga NHSRC ku Malawi, chimatchulidwa m'mawu ochepa, ndipo mafomu ambiri amakhala ndi bokosi lakelake la nkhani imeneyi, zomwe zimapulumutsa mawu.

Pali ndondomeko zothandiza kukumbukira zimene siziyenera kusiyidwa. STROBE, ya mu 2007, ndi ya kafukufuku wongoona zinthu mmene zilili, ngati wa patogirafuyu. CONSORT ili ndi gawo la zidule lomwe lidatuluka mu 2008, la kafukufuku woyesa chithandizo pogawa anthu m'magulu mwamaere. COREQ, ya mu 2007, ndi ya kafukufuku wocheza ndi anthu. Zonsezi zimapezeka kwaulere pa tsamba la EQUATOR Network.

Gawo la chiyambi ndilo limadya malo mopanda phindu m'zidule zambiri. Wolemba amayamba ndi imfa za amayi padziko lonse, n'kutsikira ku Afirika, kenako ku dziko lake, ndipo pofika pachipatala chake mawu 120 apita. Ounika a msonkhano wa anamwino ndi azamba akudziwa kale kuti imfa za amayi ndi vuto lalikulu. Chimene sakudziwa ndi mpata umene kafukufukuyu akutseka. Ziganizo ziwiri kapena zitatu n'zokwanira: patogirafu imathandiza kuzindikira msanga matenda akamachedwa, pachipatala chino kadzazidwe kake kadali kasanayezedwe, cholinga chidali kupeza kuchuluka kwa mapatogirafu odzazidwa mokwanira ndi kuyerekeza masana ndi usiku. Pa chidule cha mawu 300, kagawidwe koyenera kakhoza kukhala mawu pafupifupi 45 a chiyambi, 85 a njira, 120 a zotsatira ndi 50 omalizira. Si lamulo, koma chiyambi chikatalika kuposa zotsatira, n'chizindikiro choti china chake chapendekeka.

Mutu umalembedwa pomaliza. Uyenera kutchula chimene chidafufuzidwa, anthu kapena malo, ndi mtundu wa kafukufuku. Mutu woti “Nkhani za patogirafu” ndi wotakata mopitirira muyeso. Woti “Kadzazidwe ka patogirafu masana ndi usiku pachipatala cha boma: kuunika mafayilo 240” ukuuza wowerenga zimene apeze. M'buku la pulogalamu ya msonkhano anthu ambiri amangowerenga mitu posankha chipinda cholowa, choncho mutu wamiyambi kapena wazidule za mawu zosadziwika umathawitsa anthu omwe akadapindula.

Pomwe ambiri amadumpha malire

Gawo lomaliza la chidule ndi lalifupi koma ndilo limaulula ngati wolemba akumvetsa kukula kwa umboni wake. Mzamba uja akhoza kufuna kulemba kuti kuchepa kwa azamba usiku kukuchititsa kuti mapatogirafu asadzazidwe, motero boma lilembe ntchito azamba ambiri m'dziko lonse. Mwina n'zoona, ndipo iye amene amagwira ntchito m'chipindamo akhoza kulumbirira. Vuto n'lakuti kafukufuku wake sadawerenge azamba. Adawerenga mapatogirafu. Kusiyana kwa usiku kukhoza kuchokera pa kuchepa kwa anthu, kuzima kwa magetsi, kusowa kwa oyang'anira, kapena pa amayi ofika usiku mwana ali pafupi kubadwa, pomwe nthawi yolembera imakhala yochepa. Mafayilo okha sangasiyanitse zifukwa zimenezi.

Palinso malire ena obisika. Kuunika mafayilo kumayeza zimene zidalembedwa, osati zimene zidachitika. Mzamba akhoza kumvetsera mtima wa mwana pa nthawi yake koma osalemba chifukwa mayi wina akufuula pabedi loyandikana. Akhozanso kudzaza tchati chonse mwana atabadwa kale. Choncho chidule chisanene kuti amayi sadayang'aniridwe. Chinene kuti kuyang'aniridwa kwawo sikudalembedwe mokwanira.

Mawu omalizira oyenera akhoza kukhala otere: pachipatala chino mapatogirafu awiri mwa asanu aliwonse ndiwo adadzazidwa mokwanira, ndipo kadzazidwe kadali kotsika usiku, ntchito yokonza zinthu iyambire pa mashifiti a usiku, ndipo zifukwa za kusiyanaku zikufunika kufufuzidwa poona ntchito ikuchitika. Mawuwa akubwereza yankho, akulisunga pachipatala chimodzi, ndipo akutchula chochita chimene mkulu wa wodi angayambe mwezi womwewo. Ndi osiyana ndi chiganizo chofala choti “pakufunika kafukufuku wina”, chomwe chingaikidwe pansi pa chidule chilichonse popanda kusintha kanthu. Njira yachidule yodziyesera ndi kuika cholinga ndi mawu omalizira moyandikana n'kuona ngati achiwiriwo akuyankha choyambacho. Mawu aliwonse omalizira amene alibe nambala kapena umboni m'gawo la zotsatira ayenera kufufutidwa.

Kafukufuku wocheza ndi anthu, yemwe ndi wofala pakati pa anamwino, amatsata mfundo yomweyi ngakhale kuti alibe maperesenti. Cholakwika chake chodziwika ndi kungondandalika mayina a mitu, mwachitsanzo kunena kuti padapezeka mitu itatu: ntchito, zipangizo ndi kuyang'anira. Amenewa ndi mayina a mabokosi, osati zimene zili mkati. Chidule chiyenera kunena chimene anthuwo adafotokoza, monga kuti azamba adati amayamba athandiza mayi kenako n'kulemba pambuyo akakhala ndi amayi angapo nthawi imodzi. Chinenenso kuti adacheza ndi anthu angati, adasankhidwa bwanji, ndi chiyankhulo chimene adachezera, pakuti kumasulira kuchoka m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kupita m'Chingerezi ndi gawo la njira. Mawu amodzi aafupi a wofunsidwa akhoza kulowa ngati malo alola, bola asaulule mwini wake. Pachipatala chaching'ono, kungotchula udindo ndi zaka zogwira ntchito n'kokwanira kuti anzake amuzindikire.

Kutumiza

Chidule chikatha, ndi bwino kuchipereka kwa munthu amene sadatenge nawo mbali pa kafukufukuyo, mwina namwino wa wodi ina, kuti achiwerenge kamodzi kenako afotokoze pakamwa chimene chidafunsidwa ndi chimene chidapezeka. Akalephera, vuto lili m'chidule. Kenako nambala iliyonse iyerekezedwe ndi matebulo omalizira a lipoti, chifukwa manambala a kusanthula koyamba amakonda kutsalira m'zolemba. Mawu ofupikitsidwa alembedwe mokwanira poyamba, ndipo asapitirire awiri kapena atatu. Maumboni a mabuku saikidwa m'chidule pokhapokha malamulo a msonkhano atafuna.

Onse olembedwa ngati eni kafukufuku ayenera kuona chidulecho ndi kuvomereza chisanatumizidwe. Kuika dzina la bwana amene sadagwire ntchito, kapena kusiya la mnzake amene adaigwira, kumabweretsa mikangano yovuta kuithetsa dzina likasindikizidwa. Kumene ounika sayenera kudziwa wolemba, dzina lake lisaoneke mkati mwa chidule, ndipo nthawi zina ngakhale dzina la chipatala limafunika kubisidwa.

Fomu ya pa intaneti ili ndi misampha yake. Ina imawerenga zilembo m'malo mwa mawu, ina imawerengera mutu ndi mitu yaing'ono pamodzi, motero chidule chimene chidali mkati mwa malire pa kompyuta ya wolemba chimakanidwa kapena kudulidwa kumapeto. Zizindikiro ngati ≥ ndi ± zimatha kusanduka timabokosi zikakoperedwa, choncho tsamba loonetsa mmene chidule chidzaonekere liyenera kuwerengedwa lonse batani lotumizira lisanadinidwe. Nthawi yotsekera imatsata wotchi ya kumene kuli okonza msonkhano, osati ya kwawo kwa wolemba, ndipo netiweki ndi magetsi sizilonjeza kanthu pa ola lomaliza. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Wolemba amafunsidwanso ngati akufuna kudzayankhula pagulu kapena kudzaonetsa posita, ngakhale kuti chigamulo chimakhala cha komiti. Chidule chikalandiridwa, misonkhano yambiri imafuna kuti wodzafotokoza alembetse ndi kulipira pofika tsiku loikika, apo ayi ntchito yake imachotsedwa pa pulogalamu. Ndipo chidule chimasindikizidwa m'buku la msonkhano monga mmene chidatumizidwira, kawirikawiri popanda mwayi wosintha nambala kapena dzina.